Mmene mungawerengere nthawi ya “seventini sate” ndi “handiredi awazi” osasokoneza madzulo ndi usiku

Msuweni wanga ndi msilikali. Tsiku lina anatumizira malume uthenga pa foni kuti adutsa pa Dedza ndi galimoto ya kuntchito, ndipo amudikire pamsewu waukulu, pokhotera ku boma, kuti alandire kathumba ka amayi. Nthawi analemba kuti 1730. Malume anaona 7 ndi 30, anadya nsima mosapupuluma, anavala jekete, n’kukafika pamsewu 7 koloko itangodutsa. Galimoto inali itapita ola limodzi ndi theka m’mbuyomo, ndipo kathumbako kanakafika ku Blantyre.

Malume si munthu wosaphunzira. Anachita zimene ambiri timachita: maso amathamangira nambala yomwe tinaizolowera pa wotchi ya pakhoma, n’kusiya ija ya kutsogolo ngati yongokongoletsa. Nthawi yotereyi imalembedwa pa tikiti ya ndege, pa kalata zoitanira anthu ku perete, pa mauthenga a ndalama za pa foni, ngakhalenso pa mapepala ena a kuchipatala. Nazi njira zoiwerengera, zoitchulira, ndi zowerengetsera nthawi yonyamuka pakhomo.

## Zoti mukhale nazo pafupi

Pepala ndi cholembera. Musadalire mutu pa tsiku loyamba.

Wotchi ya mivi, kapena ingojambulani bwalo papepala n’kulemba 1 mpaka 12. Kunja kwa nambala iliyonse lembani inzake ya madzulo: pa 1 lembani 13, pa 2 lembani 14, mpaka pa 11 pomwe mulembe 23. Pa 12 lembani 00.

Foni yanu. Isintheni kuti izionetsa nthawi ya maola 24. Pa mafoni ambiri a Android pitani pa `Settings`, mupeze `Date & time`, n’kuyatsa `Use 24-hour format`. Pa iPhone ndi `Settings`, `General`, `Date & Time`, kenako `24-Hour Time`. Mukatha sabata imodzi mukuyang’ana foni yotere mudzaona kuti simukuwerengetsanso.

Tikiti kapena uthenga weniweni womwe mukufuna kumvetsa, ngati muli nawo.

## Sitepe 1: Dulani manambala anayi pakati

Nthawi ya asilikali ndi ya oyendetsa ndege imalembedwa ndi manambala anayi ogundana, opanda madontho pakati: 1730, 0600, 2215. Pa tikiti ndi pa foni mudzaiona ili ndi madontho awiri, 17:30, koma ndi chinthu chimodzimodzi.

Ikani chala pakati. Manambala awiri a kumanzere ndi ola, awiri a kumanja ndi mphindi. Choncho 1730 ndi ola 17, mphindi 30. Ndipo 0905 ndi ola 09, mphindi 05.

Chenjezo: musaiwerenge ngati ndalama. 1730 si K1,730. Mbali ya kumanja sipitirira 59, chifukwa ola lili ndi mphindi 60. Mukaona 1775, wolembayo walakwitsa, mufunseni. Mbali ya kumanzere nayo sipitirira 23, kupatula 2400 yomwe tiikamba pakanthawi.

## Sitepe 2: Yang’anani ola, mudziwe ngati dzuwa lapendeka

Tsiku limayamba pakati pa usiku, ndipo maola amangowerengedwa kupita m’tsogolo osabwereranso pa 1 masana. N’chifukwa chake safuna mawu oti m’mawa kapena madzulo. Nambala yokha ikunena.

Ola likakhala kuyambira 01 mpaka 11, palibe chowerengetsa. Chotsani ziro wa kutsogolo ngati alipo, ndiye nthawi yake, isanakwane 12 koloko masana. 0430 ndi hafu pasiti 4 m’bandakucha, nthawi yomwe a mbatata ya kachewere amakhala akukweza kale matumba. 1115 ndi kota pasiti 11 m’mawa.

Ola likakhala 12, ndi masana, dzuwa lili paliwombo. 1245 ndi kota tu 1 masana. Pano musachotse kalikonse.

Ola likakhala kuyambira 13 mpaka 23, pitani pa sitepe 3.

Ola likakhala 00, ndi 12 koloko ya usiku, ndipo tsiku latsopano layamba kale. Limeneli lili ndi sitepe yakeyake.

## Sitepe 3: Chotsani 12 pa ola, mphindi musazikhudze

Tibwerere kwa malume. Ola ndi 17. Tikachotsa 12 patsala 5. Mphindi ndi 30, zikhale momwemo. Ndiye 1730 ndi hafu pasiti 5 madzulo. Mu Juni kuno ku Dedza nthawi imeneyi dzuwa limakhala likulowa, mphepo yayamba kuluma. Hafu pasiti 7 ya usiku imene malume anaganiza imalembedwa 1930.

Kuchotsa 12 pamtima kumavuta ena, makamaka kondakitala akukukuwirani kuti kwerani. Njira yachidule nayi. Pa maola a 13 mpaka 19, tayani 1 wa kutsogolo, kenako chotsani 2 pa nambala yotsalayo. Pa 17, mwataya 1, patsala 7, mwachotsa 2, patsala 5. Pa 14, patsala 4, kenako 2. Malume anachita theka la njirayi: anataya 1 koma sanachotse 2. Anthu ambiri osokoneza nthawi imeneyi amagwera pomwepa, ndipo chizindikiro chake n’chakuti amachedwa ndi maola awiri enieni.

Njira yachiduleyi imathera pa 19. Maola anayi otsalawo ingowalowezani: 20 ndi 8 koloko usiku, 21 ndi 9, 22 ndi 10, 23 ndi 11.

Ine ndimakonda kukhala ndi zikhomo zitatu m’mutu. 1500 ndi 3 koloko masana, 1800 ndi 6 koloko madzulo pomwe mdima ukugwa, 2100 ndi 9 koloko usiku. Nthawi ina iliyonse ndimaiyeza ndi chikhomo chapafupi. 1730 ili mphindi 30 isanakwane 1800, ndiye singakhale 7 koloko, chifukwa 6 koloko sinakwane n’komwe. Mukawerengetsa ndi kuchotsa 12, yesaninso ndi chikhomo. Ziwirizi zikagwirizana, mwakhoza.

Kubwerera kwina n’kosavuta. Ngati mukufuna kulembera munthu nthawi ya kuyambira 1 koloko masana mpaka 11 koloko usiku, onjezani 12 pa ola. Kota pasiti 4 madzulo ndi 1615. Nthawi ya m’mawa isanakwane 10 koloko, ikani ziro kutsogolo kuti manambala akwane anayi: 7 koloko m’mawa ndi 0700, osati 700.

## Sitepe 4: Phunzirani kuimva ikamatchulidwa

Kuwerenga papepala n’kosavuta poyerekeza ndi kumva pa foni, netiweki ikudukaduka. Nthawi imeneyi imatchulidwa m’Chingerezi, ndipo imatchulidwa m’magulu awiri omwe aja a sitepe 1.

Mphindi zikakhalapo, amatchula ola kenako mphindi. 1730 ndi “seventini sate”. 2215 ndi “twente thu fifitini”. Mphindi zikakhala zosakwana 10 amatchula ziro wake: 1705 ndi “seventini ziro faivi”. Ola likayamba ndi ziro amamutchulanso: 0630 ndi “ziro sikisi sate”. Ena m’malo mwa ziro amati “o”, ndiye mudzamva “o sikisi sate”. Tanthauzo ndi lomwelo.

Ola likakhala lathunthu, mphindi zili 00, ndi pomwe pamabwera liwu loti “handiredi”. 1700 ndi “seventini handiredi”, 0600 ndi “ziro sikisi handiredi”. Asilikali ndi apolisi amakonda kuwonjezera “awazi” kumapeto, n’kukhala “seventini handiredi awazi”. Liwu limeneli silisintha kanthu. Ntchito yake n’kudziwitsa womvera kuti nambala yatchulidwayo ndi nthawi, si mtunda kapena chiwerengero cha katundu.

Apa pamafunika kufatsa. “Handiredi” ameneyu sakutanthauza mphindi 100 kapena maola 100. Amangobwera chifukwa maziro awiri a kumapeto amaoneka ngati a pa nambala 100. Mukamva “handiredi”, inu mumve kuti “koloko”. “Ziro eyiti handiredi awazi” ndi 8 koloko m’mawa, basi. Pa chifukwa chomwechi 1000 amati “teni handiredi”, ndipo 2000 amati “twente handiredi”. Munthu akanena kuti “thu sauzande awazi” mudziwe kuti wangoionera papepala.

Chenjezo lalikulu lili pa makutu. “Seventini sate” ndi “seveni sate” zimasiyana ndi kaliwu kamodzi kokha, koma pakati pake pali maola 10 ngati “seveni sate” ndi ya m’mawa. Chimodzimodzi “sikisitini” ndi “sikisi”, “fotini” ndi “fo”. Ku mbali ya mphindi nako “fifitini” ndi “fifite” zimamveka ngati amapasa, pomwe 1415 ndi 1450 zikusiyana ndi mphindi 35, zokwanira kuti basi ikusiyeni. Dziwani kuti wodziwa bwino kalankhulidweka sangatchule 0730 osayamba ndi ziro. Mukapanda kumva ziro kutsogolo, ganizani kuti mwina ndi 17, ndipo funsani. Mubwezereni nthawiyo m’Chichewa: “Achimwene, mukunena hafu pasiti 5 madzulo?” Kapena mupempheni atchule nambala imodzi-imodzi.

Kutchula nambala imodzi-imodzi ndi mmene amachitira a zandege. Woyendetsa ndege ndi wa pa nsanja ya pabwalo akamalankhulana pa wailesi sanena kuti “seventini sate”. Amati “wani seveni tiri ziro”. Manambala ena amawapotoza dala katchulidwe kuti asasokonezeke ndi phokoso la pa wailesi: 3 amati “tiri”, 5 amati “faifu”, 9 amati “naina”. Ndipo ngati onse akudziwa ola lomwe ali, amangotchula mphindi zokha. Wa pa nsanja akati “tiri ziro”, akutanthauza mphindi 30 za ola lomwelo. Inu ndi ine sitiyendetsa ndege, koma njira yotchula imodzi-imodziyi ndi yabwino kubwereka pamene mukupangana ndi munthu pa foni.

## Sitepe 5: Samalani ndi pakati pa usiku

Mphindi yomaliza ya tsiku ndi 2359. Ikadutsa, wotchi imabwerera pa 0000, ndipo deti imasintha nthawi yomweyo. Kuyambira 0000 mpaka 0059 ndi ola lomwe ife timati 12 koloko usiku. 0030 ndi hafu pasiti 12 usiku, ndipo amaitchula “ziro ziro sate”.

Vuto ndi lakuti m’kalankhulidwe kathu usiku ndi wa tsiku lomwe lapitalo mpaka tambala atalira. Timati “usiku wa Lachisanu” ngakhale nthawi ili 1 koloko, Loweruka litalowa kale pa kalendala. Tikiti siiganiza choncho. Ikalembedwa kuti Loweruka pa 16, 0030, ndege ikunyamuka usiku womwe inu mumautcha wa Lachisanu. Muyenera kukhala pabwalo Lachisanu pa 15 usiku. Mukadikira Loweruka madzulo mudzapeza kuti ndege inapita kale usiku wathawo.

Lamulo langa ndi ili: nthawi iliyonse yoyamba ndi 00, 01, 02 kapena 03, ndimalemba pambali pake dzina la tsiku la dzulo lake ndi mawu oti “usiku”. Pa tikiti ija ndingalembe kuti “Lachisanu usiku”.

Nthawi zina mudzaona 2400. Imeneyi ndi pakati pa usiku pomwepo, koma poyang’ana tsiku lomwe likutha. 2400 ya pa 15 ndi 0000 ya pa 16 ndi mphindi imodzimodzi. Chifukwa cha chisokonezo chimenechi, olemba malamulo a usilikali ndi ndandanda za maulendo nthawi zambiri amapewa zonse ziwiri n’kulemba 2359 kapena 0001, kuti pasakhale wofunsa kuti ndi tsiku liti.

## Sitepe 6: Onani ngati pali chilembo kumapeto

Mukaona `1730Z`, imani kaye. Chilembo chimenecho chikusintha zonse.

Ndege zimadutsa maiko ambiri pa tsiku limodzi, ndipo dziko lililonse lili ndi wotchi yake. Kuti asasokonezane, a zandege padziko lonse amagwiritsa ntchito nthawi imodzi yotchedwa `UTC`, yomwe imayenderana ndi nthawi ya mzere wodutsa pa Greenwich ku London. Chizindikiro chake ndi `Z`, ndipo pa wailesi chilembo chimenechi amachitchula kuti “Zulu”. Angoni a ku Ntcheu asanyadire msanga kuti ndi nthawi ya kwawo kwa makolo. Ndi dzina chabe la chilembo, monga `A` amati “Alufa” ndipo `B` amati “Buravo”.

Malawi ali patsogolo pa nthawi ya Zulu ndi maola awiri, chaka chonse, chifukwa kuno sitisuntha mawotchi nyengo ikasintha. Ndiye mukaona `Z`, onjezani maola awiri kuti mupeze nthawi ya kuno. `1730Z` ndi 1930, hafu pasiti 7 usiku. Kuchoka pa nthawi ya kuno kupita pa Zulu, chotsani maola awiri: 0800 ya kuno ndi `0600Z`.

Yambani ndi kuwonjezera maola awiriwo, kenako muchotse 12. Mukazichita nthawi imodzi m’mutu mudzaiwala chimodzi.

Pa malipoti a nyengo a pabwalo la ndege ndi pa mauthenga a asilikali, deti imamatidwa kutsogolo kwa nthawi, manambala n’kukhala 6:

```
FWKI 152230Z
```

`FWKI` ndi chizindikiro cha bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe. Manambala awiri oyamba, 15, ndi deti. Anayi otsatirawo, 2230, ndi nthawi. Tikawonjezera maola awiri tikupeza 2430, yomwe kulibe. Ola likafika kapena kupitirira 24, chotsani 24 ndipo onjezani tsiku limodzi. Ndiye `152230Z` ndi 0030 ya pa 16 kuno kwathu. Nthawi iliyonse ya Zulu kuyambira 2200 imakhala italowa kale m’tsiku lotsatira kuno.

M’kalembedwe ka asilikali dera lililonse la nthawi lili ndi chilembo chake, ndipo la maola awiri patsogolo, lomwe muli Malawi, ndi `B`. Choncho `1730B` ndi 1730 ya kuno, osawonjezera kanthu.

Chenjezo: musatengere Zulu pa tikiti. Tikiti ya wokwera ndege imalembedwa m’nthawi ya pamalo pomwe ndege ikunyamukira ndi pomwe ikutera. Popanda `Z` kapena `UTC`, musawonjezere maola awiri.

## Sitepe 7: Werengetsani nthawi yonyamuka pakhomo

Tiyeni titenge ulendo umodzi kuyambira pachiyambi. Nthawi zake ndi zachitsanzo chabe, inu mutsatire zomwe zili pa tikiti yanu. Mayi wina wa pa Dedza akupita kunja kudzera ku Addis Ababa, ndipo tikiti yake ikuoneka motere:

```
15 JUN  LLW 1405   ADD 1850
16 JUN  ADD 0130
```

`LLW` ndi Lilongwe, `ADD` ndi Addis Ababa. Ndege yoyamba ikunyamuka 1405. Tataya 1, tachotsa 2, tapeza mphindi 5 pasiti 2 koloko masana.

Pa ulendo wa kunja ndi bwino kufika pabwalo kutatsala maola atatu. Chotsani 3 pa ola: 14 kuchotsa 3 ndi 11, ndiye afike 1105. Onani kukoma kwa kawerengedweka. Sanavutike ndi kuwoloka 12 koloko chobwerera m’mbuyo, wangochotsa.

Kuchokera pa Dedza kufika mu Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, ndipo bwalo lili kutsidya kwa mzinda, cha ku Lumbadzi. Pa minibasi, ndi kudikira kuti idzaze, kuima pa Linthipe, pa Chimbiya ndi pa Nathenje, kenako kusintha galimoto m’tauni, ine sindingapatse ulendowu nthawi yochepera maola atatu ndi mphindi 30. Tsopano tichotse maola 3 ndi mphindi 30 pa 1105.

Pano ndi pomwe kakyuleta imanamiza anthu. Mukalemba 1105 kuchotsa 330 ikupatsani 775, ndipo kulibe nthawi yotchedwa 0775. Kakyuleta imabwereka 100, pomwe wotchi imabwereka 60. Chitani motere: chotsani maola kaye, 1105 kuchotsa maola 3 ndi 0805. Kenako mphindi. Pa 05 simungachotse 30, ndiye bwerekani ola limodzi: 0805 ikhale ola 07 ndi mphindi 65. 65 kuchotsa 30 ndi 35. Mayiyu akhale pa siteji 0735. Wochokera ku Ntcheu boma awonjezere ola limodzi ndi theka, n’kukhala 0605.

Ndegeyo ikutera 1850, yomwe ndi mphindi 10 isanakwane 7 koloko usiku. Kuchoka 1405 kufika 1850 ndi maola 4 ndi mphindi 45, koma sakhala m’mwamba nthawi yonseyo. Ethiopia ali patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, monganso Kenya ndi Tanzania. 1850 ya ku Addis Ababa ndi 1750 ya kuno. Ulendo weniweni ndi maola 3 ndi mphindi 45, ndipo achibale ku Dedza ayembekezere foni yoti wafika cha m’ma 6 koloko madzulo. Opita ku Joni, ku Zambia, ku Zimbabwe kapena kuwoloka malire a Dedza kulowa mu Mozambique alibe vuto limeneli, chifukwa wotchi ya maiko amenewa ndi yofanana ndi yathu.

Mzere wachiwiri ndi umene uli ndi msampha. Ukunena pa 16, 0130. Mayiyu angaganize kuti ali ndi tsiku lathunthu ku Addis Ababa, koma ayi. 0130 ya pa 16 ndi usiku womwewo wofikira. Kuwerenga nthawi yodikira, dumphani pang’onopang’ono: kuchoka 1850 kufika 1900 ndi mphindi 10, kuchoka 1900 kufika pakati pa usiku ndi maola 5, kuchoka 0000 kufika 0130 ndi ola limodzi ndi mphindi 30. Zonse pamodzi ndi maola 6 ndi mphindi 40. Asachoke pabwalo kukafuna malo ogona ngati kuti ndege ndi ya mawa madzulo, ndipo atangotera asinthe wotchi yake ikhale pa nthawi ya kumeneko.

Pa matikiti ena, m’malo molemba deti yatsopano, amaika `+1` pambali pa nthawi yofika. Akutanthauza kuti ndege ikutera tsiku lotsatira.

## Yesani izi musanatseke

Phimbani ndime yotsatirayo ndi dzanja, mulembe mayankho a izi: 1310, 0015, 2050, “sikisitini handiredi awazi”, `2315Z` ya pa 3.

1310 ndi mphindi 10 pasiti 1 koloko masana. 0015 ndi kota pasiti 12 usiku, tsiku latsopano litayamba. 2050 ndi mphindi 10 isanakwane 9 koloko usiku. “Sikisitini handiredi awazi” ndi 4 koloko madzulo. `2315Z` ya pa 3 ndi 0115 ya pa 4 kuno. Ngati pa 1310 munalemba 3 koloko, kapena pa 1600 munalemba 6 koloko, muli ndi matenda a malume, bwererani pa sitepe 3.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kutaya 1 osachotsa 2 ndiye mfumu ya zolakwika zonse. 1600 imasanduka 6 koloko, 1800 imasanduka 8 koloko. Mankhwala ake ndi zikhomo zija: chilichonse chochepera 1800 chimachitika 6 koloko isanakwane.

Ena amachotsa 12 pa ola la 12, n’kupeza 00, n’kuganiza kuti 1230 ndi usiku. 1230 ndi nthawi ya nkhomaliro. Ya usiku ndi 0030.

Ena amasakaniza makalembedwe awiri. Ndinaonapo chikalata cha msonkhano cholembedwa `17:30 PM`, ndipo china `0530 PM`. Choyambacho n’chongobwereza, sichipweteka. Chachiwiricho n’choopsa, chifukwa wozolowera manambala anayi aona 0530 n’kudzuka m’bandakucha. Mukalemba manambala anayi, musaikepo `AM` kapena `PM`. Ngati mukulembera anthu a kumudzi, lembani zonse ziwiri motalikitsa: 1730, ndiye kuti hafu pasiti 5 madzulo.

Kuiwala ziro wa kutsogolo kumabweretsa mafunso. 930 yopanda ziro womvera sadziwa ngati ndi 0930 kapena ndi 1930 yomwe 1 wake wafufutika.

Alamu ya pa foni nayo imagwetsa anthu sabata yoyamba atasintha foni kukhala ya maola 24. Munthu akufuna imukumbutse kumwa mankhwala 8 koloko usiku, aika 08:00, ndipo imalira m’mawa. Ya usiku ndi 20:00. Mukaika alamu, mafoni ambiri amaonetsa kuti ilira pakatha maola angati. Werengani kamzere kameneko musanaike foni m’thumba.

Pomaliza pali “hafu faivi” wathu uja. Kuno tikati “hafu faivi” timatanthauza hafu pasiti 5, koma sitinanene ngati ndi m’mawa kapena madzulo, ndipo msilikali kapena dalaivala wa usiku atha kumva 0530 pomwe inu mukunena 1730. Pa pangano lililonse lokhudza galimoto kapena ndege, mukamaliza kulankhula tumizani uthenga wolembedwa wokhala ndi dzina la tsiku, deti ndi manambala onse anayi, monga “Lachisanu pa 15, 1730”, ndipo winayo ayankhe pobwereza nthawiyo m’mawu ake.